Gaga, ganyu ndi mtchona: zomwe mawu amatchula ndi zomwe amabwera nazo

Mayi akauza alendo kuti mwamuna wake ali paulendo, pomwe woyandikana naye nyumba akunena kumjigo kuti mwamuna yemweyo adatchona, onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona. Munthu amene akumunenayo ndi mmodzi, pamudzi palibe, ndipo papita zaka ziwiri chichokereni. Komabe womva sangawatenge mawu awiriwa ngati ofanana. Akuti ali paulendo amasiya chitseko chotsekula kuti mwini nyumba adzalowe. Akuti adatchona amachitseka n'kuikapo mpiringidzo.

Kusiyana kumeneku n'kumene akatswiri a zinenero amakufotokoza ndi mayina awiri amene m'mabuku a Chingerezi amati dinoteshoni ndi konoteshoni. Loyambalo ndi tanthauzo lenileni la mawu: chinthu, munthu kapena ntchito yomwe mawuwo akuloza, monga momwe buku lotanthauzira mawu lingafotokozere. Lachiwirilo ndi maganizo amene amabwera limodzi ndi mawuwo ngakhale sadatchulidwe: ulemu kapena chipongwe, chisoni kapena chimwemwe, manyazi, mantha, ngakhale mbiri ya anthu. M'nkhani ino maganizo amenewa akutchedwa tanthauzo loperekeza, chifukwa amayenda pambali pa mawu ngati operekeza mlendo. Amene wafika pakhomo ndi mlendoyo, koma eni khomo amayang'ananso anthu amene wabwera nawo asadamuyalire mphasa.

Buku la Mtanthauziramawu wa Chinyanja, lomwe likulu lofufuza za zinenero la Yunivesite ya Malawi ku Zomba lidatulutsa m'chaka cha 2000, limathandiza kwambiri pa tanthauzo loyamba lija. Pa lachiwirili buku lililonse limafika pena n'kulekeza, popeza tanthauzo loperekeza limakhala m'makutu mwa anthu oyankhula chinenerocho. N'chifukwa chake ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MSCE amatha kulongosola mawu aliwonse a m'ndakatulo koma n'kukakamira pa funso lofuna kuti anene momwe woyankhula akumvera mumtima.

Ndakatulo yaifupi ili m'munsiyi yalembedwera nkhani ino kuti ikhale chitsanzo. Woyankhula ndi mayi wa m'dera la Kapondo m'boma la Mchinji, boma lochita malire ndi dziko la Zambia, ndipo akulembera mwamuna wake.

Kalata ya ku Kapondo

Bambo a Tadala, kuno kwacha,
Koma nkhokwe idakagona.
Dzulo tidadya gaga,
Ana akuti ndi nsima.

Mudati mukukagwira ganyu wa mwezi umodzi
Kutsidya kwa malire.
Mtedza wakumbidwa kawiri,
Khasu lanu lili pomwe mudalisiya.

Amalume afika dzana,
Afunsa za mkamwini wawo.
Ndayankha kuti muli paulendo;
Mawu akuti mtchona ndawameza.

M'mizere khumi ndi iwiri imeneyi mulibe mawu akuti njala, umphawi, mkwiyo kapena kutha kwa banja. Koma wowerenga aliyense wodziwa Chichewa amazimva zonsezi. Funso ndi lakuti zalowera pati.

Poyambira pabwino ndi pa mawu akuti gaga. Tanthauzo lenileni ndi losavuta: ndi makoko a chimanga amene amachoka pokonola, amene ena amawatcha madeya. Palibe chachisoni m'tanthauzo limeneli. Gaga ndi chinthu chopezeka pakhomo lililonse pamene akonola chimanga, ndipo ali ndi ntchito yake: amadyetsa nkhuku ndi nkhumba, amagulitsidwa kwa oweta ziweto. Koma mawuwa akangokhala pafupi ndi mneni wakuti tidadya, operekeza ake amatulukira onse. Pakhomo pamene pali chakudya gaga amapita kukhola. Akalowa mumphika wa nsima ndiye kuti ufa watha, chimanga chatha, ndipo banjalo latsikira pa chakudya cha ziweto. Anthu amene adaona njala ya 2002, pamene mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo Bakili Muluzi adalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pangozi, amakumbukira mizere ya anthu m'zigayo ofuna gaga, ndipo Mchinji lidali limodzi mwa maboma omwe adavutika kwambiri. Kwa anthu oterewa mawu amenewa amanunkha chaka chimenecho.

Njira yodalirika yodziwira ngati mawu ali ndi tanthauzo loperekeza ndi kuwachotsa n'kuikapo ena oyandikana nawo, kenaka n'kuona chomwe chasintha. Mzerewo ukadati dzulo tidadya mgaiwa, banjalo likadaoneka losauka pang'ono, kapenanso losasauka n'komwe, pakuti masiku ano anthu ambiri a m'tauni amasankha dala mgaiwa ponena kuti ndi wopatsa thanzi kuposa ufa woyera. Ukadati dzulo tidadya zochepa, wowerenga akadadziwa kuti chakudya chaperewera, koma manyazi aja sakadakhalapo. Gaga yekha ndiye akunyamula njala ndi manyazi pamodzi. Zikatero wowerenga ali ndi umboni wakuti mlakatuli sadangotola mawuwo mwangozi.

Mzere wotsatira umamaliza ntchitoyi poika mawu akuti nsima moyang'anizana ndi gaga. Potsata tanthauzo lenileni, anawo sakunama: ufa wa gaga ukaphikidwa mpaka kulimba n'kuomoledwa, chotulukacho ndi nsima ndithu. Koma m'Malawi muno nsima si dzina la chakudya chabe. Munthu amene wadya mpunga, mbatata kapena maungu tsiku lonse amatha kunena kuti sadadye chifukwa nsima sadailawe. Mawuwa amabwera ndi kukhuta, khomo lokhazikika, ndiponso ulemu wa mayi amene amatha kudyetsa ana ake. Ana akamatcha gaga kuti nsima, mwina ndi aang'ono moti sadziwa kusiyana kwake, mwinanso azolowera. Zonse ziwiri n'zowawa kwa mayi, ndipo ndakatulo sikusankha chimodzi.

Ndime yachiwiri ikutsamira pa mawu akuti ganyu. Tanthauzo lenileni ndi ntchito ya kanthawi kochepa yolipidwa potengera gawo lomwe munthu wagwira, monga kupalira mizere yakutiyakuti kapena kukumba mtedza pamunda wa wina. Mlakatuli akadatha kunena kuti mudati mukukagwira ntchito, ndipo nkhani ikadayenda bwinobwino. Chikadatayika ndi chiyani? Ntchito ndi mawu aulemu. Munthu wa pantchito amalandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo akuchimuna ndi akuchikazi omwe amamutchula monyadira. Ganyu kumudzi ali ndi fungo lina. Nthawi imene ganyu amachuluka ndi ya dzinja, pamene nkhokwe zauma, ndipo wopita kukapalira munda wa mnzake amakhala atasiya wake ukudyedwa ndi udzu. Motero ganyu wa chaka chino amabala njala ya chaka chamawa. Mlimi aliyense wa ku Mchinji amadziwa zimenezi popanda womufotokozera, ndipo akamva mawuwa m'ndakatulo amaona kale munthu wopanikizika, osati wopita kukasaka chuma.

Palinso china chomwe ganyu akubweretsa, chomwe ndi kufupika kwa nthawi. Ganyu satenga zaka. Mawuwa pawokha akulonjeza kuti munthuyo abwera msanga, ndipo mawu akuti wa mwezi umodzi akungotsindika lonjezolo. Lonjezo limeneli ndi lomwe mzere wa mtedza ukuliphwanya.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokoneza zinthu. Mzere wakuti mtedza wakumbidwa kawiri ukutanthauza kuti papita zaka ziwiri, pakuti mtedza wodalira mvula umakumbidwa kamodzi pachaka, mvula ikatha. Ophunzira ena amalemba kuti zaka ziwirizo ndiye tanthauzo loperekeza la mawu akuti mtedza. Si choncho. Zaka ziwirizo zapezeka powerengera, monga momwe munthu amadziwira kuti kunagwa mvula akaona matope. Palibe amene akamva mawu akuti mtedza amaganiza za zaka ziwiri. Ngati mawuwa ali ndi operekeza mu mzere umenewu, ndi ena: ku Mchinji mtedza ndi mbewu ya ndalama ndiponso ya nsinjiro, ndipo kukumba, kuthothola ndi kuswa kwake ndi ntchito yolemetsa imene amayi amaisenza kwambiri. Mayiyu akuwerenga zaka ndi thukuta lake, osati ndi kalendala. Ndiponso mneni wakuti wakumbidwa sakutchula wokumba. Sakunena kuti ndakumba ndekha, koma khasu la mu mzere wotsatira, lomwe lili pomwe mwini wake adalisiya, likunena m'malo mwake.

Msampha wina uli mu mzere woyamba weniweniwo. Mawu akuti kwacha ali ndi matanthauzo enieni awiri: kutuluka kwa dzuwa, ndi ndalama. Dziko la Zambia lidayamba kugwiritsa ntchito kwacha m'chaka cha 1968, ndipo Malawi adatsatira mu 1971, kotero kuti munthu wowoloka pa chipata cha Mchinji kupita ku Mwami ndi ku Chipata amasintha kwacha ndi kwacha inzake. Wophunzira wochenjera amatha kuona zimenezi n'kulemba kuti ndalama ndiye tanthauzo loperekeza la kwacha. Kuonako n'kwabwino, koma dzina walipatsa ndi lolakwika. Ndalama ndi tanthauzo lachiwiri lenileni, lomwe buku lotanthauzira mawu lingalembe pansi pa loyamba. Mawu amodzi kukhala ndi matanthauzo angapo ndi nkhani ina. Maganizo oyenda ndi tanthauzo limodzi ndi nkhani inanso. Ndipo mu mzerewu kwacha ndi mneni, wonena za kunja kuti kwayera, choncho tanthauzo la ndalama likungomvekera chapatali ngati mayi akukumbutsa mwamuna wake chomwe adapitira.

Operekeza enieni a kwacha ndi chiyembekezo ndi chiyambi chatsopano. Amenewa ndi amene adachititsa omenyera ufulu wa dziko lino kufuula mawuwa pamisonkhano yawo, ndipo ndi amene adachititsa kuti ndalama ipatsidwe dzinali. Mlakatuli akuwadzutsa dala kuti awagwetse ndi mawu akuti koma a mu mzere wachiwiri. Kunja kwacha, nkhokwe idakagona. Kunena kuti nkhokwe yagona ndi chipangizo china cha ndakatulo, chopatsa chinthu chopanda moyo khalidwe la munthu, ndipo nachonso sichiyenera kusokonezedwa ndi tanthauzo loperekeza. Chipangizo chotere chimasuntha mawu kuchoka pamalo pake n'kuwaika pena. Tanthauzo loperekeza silisuntha kanthu: gaga akadali gaga, ganyu akadali ganyu, mawu ali pamalo pawo, koma akulemera kuposa momwe buku lingawayezere. Zining'a nazo n'zosiyana, pakuti munthu akati wina watsikira kulichete palibe amene amafunsa kuti watsikira pa chitunda chiti.

Mawu akuti malire ndi chitsanzo chabwino cha momwe tanthauzo loperekeza limasinthira potengera kumene wowerenga akukhala. Kwa wowerenga wa ku Blantyre kapena ku Zomba, malire a dziko amabwera ndi chiphaso choyendera, asilikali, msonkho ndi ulendo wautali. Kwa munthu wa ku Mchinji, kutsidya kwa malire kukhoza kukhala kumudzi kwa azakhali ake. Achewa ali mbali zonse ziwiri, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu ndi anthu a ku Malawi amapita ku Mkaika m'boma la Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Chinenero cha kutsidyako n'chomwechi, ngakhale kumeneko chimatchedwa Chinyanja pomwe kuno chidatchedwa Chichewa kuyambira m'chaka cha 1968. Mayina awiri amenewa pawokha ndi phunziro: akuloza pafupifupi chinenero chimodzi, koma lililonse lili ndi mbiri ya ndale yomwe limakoka kumbuyo kwake.

Zotsatira zake m'ndakatuloyi n'zakuti owerenga awiriwa amva zosiyana. Wa kutali amva chisoni: mwamunayu ali m'dziko lachilendo, mwina walephera kubwerera. Wa ku Kapondo amva chidzudzulo: kutsidya si kutali, anthu amapita ndi kubwera panjinga, nanga iye chamuletsa n'chiyani? Kuwerenga kwachiwiriku n'kumene kukugwirizana bwino ndi woyankhula, popeza mutu wa ndakatulo watchula malo. Ichi ndi chifukwa chake funso la malo ndi nthawi m'ndakatulo si longodzazira pepala la mayeso. Popanda kudziwa kumene woyankhula waima, wowerenga amapatsa mawu operekeza a kwawo.

Ndime yachitatu ndi yomwe ili ndi ntchito yaikulu, ndipo ntchitoyo yagona pa mayina atatu a munthu mmodzi. Kumayambiriro mayiyu akumuitana kuti bambo a Tadala. Amalume akumutcha mkamwini. Dzina lachitatu, mtchona, likudikira kumapeto. Onse atatuwa akuloza mwamuna yemweyo, monga momwe mfumu, nkhalamba ndi agogo angalozere munthu mmodzi wokhala pansi pa mtengo. Chosiyana ndi malo amene dzina lililonse likumuika.

Kuitana mwamuna ndi dzina la mwana wake ndi ulemu wozolowereka pakati pa anthu apabanja. Koma m'kalata yonena za ana akudya gaga, ulemu umenewu uli ndi mano. Mayiyu akadayamba ndi mawu akuti wokondedwa, kalatayo ikadakhala ya chikondi cha anthu awiri. Akadamutchula ndi chiwongo chake, ulemu ukadakhalapo koma ana akadasowamo. Posankha bambo a Tadala, akumukumbutsa udindo wake asadanene dandaulo lililonse. Ena angafune kupitirira n'kunena kuti dzina lakuti Tadala, lomwe limanena za madalitso, likusemphana ndi njala ya pakhomopo. Kuwerenga kotero n'kololeka, malinga wowerenga asakusandutse mutu wa ndakatulo, pakuti palibe mzere wina umene ukubwerera ku dzinalo.

Mkamwini, potsata tanthauzo lenileni, ndi mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamudzi, makamaka amene akukhala kwa mkazi wake monga mwa mwambo wa chikamwini. Mawuwa si otukwana. Koma pakati pa Achewa amabwera ndi chikumbutso chakuti munthuyu ndi wobwera: munda akulima ndi wa kuchikazi, ana ndi a mbumba ya mkazi wake, ndipo amene ali ndi mphamvu pa mbumbayo ndi malume kapena mlongo wa mkaziyo, mwinimbumba. Mkamwini amayezedwa ndi khasu lake. Tsono mawu awiri akuti amalume ndi mkamwini akakumana mu ndime imodzi, khasu lili chigonere mu ndime yapitayo, wowerenga wodziwa mwambo amazindikira kuti kubwera kwa amalume si kucheza. Mwinimbumba akayamba kufunsa za mkamwini amene wasowa zaka ziwiri, chotsatira ndi kuitana ankhoswe, ndipo ankhoswe akakumana pa nkhani yotere banja likhoza kutha. Ndakatulo yangoti afunsa. Mawu ofatsa chotere akuopsa chifukwa cha amene akufunsayo ndi dzina lomwe wagwiritsa ntchito. Akadafunsa za bambo a ana, kukadakhala kudera nkhawa. Pofunsa za mkamwini wawo, akuwerengera ngati munthuyu akadali waphindu pamudzi.

Wowerenga wobadwira m'tauni, kapena wochokera kumpoto kumene mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, akhoza kudutsa mzere umenewu osamva kanthu. Sikuti sadziwa Chichewa. Tanthauzo lenileni akulidziwa. Chomwe chamusowa ndi moyo umene mawuwo adakuliramo. Apa pakuoneka malire a nkhani yonseyi: tanthauzo loperekeza ndi la gulu la anthu, osati la munthu aliyense woyankhula chinenerocho, ndiponso si la munthu mmodzi payekha. Wophunzira amene bambo ake adavulala ndi khasu akhoza kumva mantha akawerenga mawu akuti khasu, koma mantha amenewo ndi ake, ndipo sangawalembe ngati tanthauzo la mzerewo. Choyezera chake ndi mafunso awiri. Kodi anthu ena a chinenerochi, makamaka a kumalo kumene ndakatulo yaima, angamve chimodzimodzi? Nanga m'ndakatulomo muli mzere wina wochirikiza ganizolo? Manyazi a gaga akuchirikizidwa ndi nkhokwe yogona ndi ana otcha gaga nsima. Chiopsezo cha mkamwini chikuchirikizidwa ndi khasu ndi mtedza. Ganizo lopanda mnzake m'ndakatulo nthawi zambiri limakhala la wowerenga, osati la mlakatuli.

Pamayeso kusiyana kumeneku kumaoneka poyera. Funso likhoza kukhala lakuti: fotokozani chifukwa chomwe mlakatuli wagwiritsira ntchito mawu akuti gaga. Wophunzira wina alemba kuti gaga ndi madeya a chimanga, n'kulekera pomwepo. Wanena zoona, koma wayankha funso lomwe silidafunsidwe. Wina alemba kuti mawuwa akusonyeza kuti dziko lathu ndi losauka ndipo boma liyenera kuthandiza alimi. Uyu walumpha ndakatulo yonse n'kukagwera m'nkhani yake. Yankho lokhwima limayenda masitepe atatu m'ziganizo zochepa: gaga ndi makoko a chimanga amene kawirikawiri amadyetsa ziweto, anthu amamudya pa nthawi ya njala yokha, choncho mawuwa amabweretsa ganizo la kusowa ndi manyazi, mlakatuli wawasankha m'malo mwa ufa kapena mgaiwa pofuna kuonetsa kuti banjali lafika pothera chichokereni bambo. Yankho limeneli layamba ndi tanthauzo lenileni, lakwera pa loperekeza, ndipo latera m'ndakatulo momwemo.

Luso lomweli limagwiranso ntchito kunja kwa kalasi, ngakhale pa tsamba la nyuzipepala. Anthu onyamula matumba a chimanga panjinga kudutsa njira zachidule za m'malire akhoza kulembedwa kuti amalonda ang'onoang'ono kapena kuti ozembetsa, ndipo wowerenga amakhala ataweruza kale mlandu asadafike pa ndime yachiwiri ya nkhaniyo.

Mawu olemera kuposa onse m'ndakatuloyi ndi omwe mayiyu akukana kuwanena. Mtchona, m'tanthauzo lenileni, ndi munthu amene adapita kutali kukagwira ntchito n'kukhalitsa osabwerera kwawo. Mawuwa adakula ndi mbiri ya dziko lino. Kwa zaka zambiri amuna a ku Nyasaland, ndipo kenaka a ku Malawi, ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Boma lidaimitsa kulemba anthu a Wenela m'chaka cha 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, koma ulendo wa amuna sudathere pomwepo. Ambiri ankabwerera ndi njinga, wailesi ndi masutikesi. Ena sadabwerere, sadalembe kalata, sadatumize kanthu, ndipo adakwatira kumeneko. Amenewa ndiwo matchona. Choncho mawuwa sanena za mtunda kapena zaka zokha. Amanena za munthu woiwala kwawo, wosiya mkazi osadziwa ngati ndi wapabanja kapena wamasiye, ndi ana okula osadziwa nkhope ya bambo wawo.

Moyang'anizana ndi mawu amenewa mayiyu waika paulendo. Wapaulendo ali ndi kumene wachokera ndi kumene adzabwerere. Malo ake pamphasa amasungidwa. Kwa amalume, yankho limeneli likutanthauza kuti ankhoswe adikire kaye. Pa zoona zake zenizeni, mawu awiriwa akufotokoza chinthu chimodzi, mwamuna amene palibe, ndipo palibe tsiku lodziwika limene wapaulendo amasanduka mtchona. Amene amaika malirewo ndi anthu otsala, pa tsiku limene asankha kusintha dzina. Mayiyu akudziwa kuti akangolitchula pamaso pa mwinimbumba sangalibwezenso.

Mneni womaliza, ndawameza, ndi chipangizo chofanizira mawu ndi chakudya, koma nawonso uli ndi operekeza ake. Akadati sindidawanene, mzerewo ukadangopereka lipoti. Akadati ndawabisa, pakadamveka chinyengo. Kumeza kumabwera ndi kukakamiza: munthu amameza mankhwala owawa, amameza malovu akalakalaka chomwe sangachipeze. Ndipo m'ndakatulo imene yayamba ndi banja lodya gaga, ichi ndi chinthu chachiwiri chosakoma chomwe mayiyu wameza.

Pali chinanso chomwe wowerenga wofulumira amachiphonya. Mawu omwe mayiyu adawameza pamaso pa amalume, wawalemba m'kalata. Kwa abale ake mwamunayu akadali wapaulendo, koma kwa mwini wakeyo dzina lina lija laonetsedwa, kuti adziwe kuti lilipo ndipo lafika kale pakhosi. Mzere womwewo ukumuteteza kumudzi ndi kumuchenjeza kutsidya, ndipo amalume adafika dzana lomweli.